Mau Oitanira Alendo ku Msika: Chitsanzo cha ku Ching'ambo

Pakati pa zolemba zonse zimene mwana wa sukulu aziona tsiku ndi tsiku, zazifupi koposa ndizo za pa zikwangwani ndi pa makoma a masitolo, ndipo ndizonso zimene aphunzitsi saziyesa kanthu. Ndakatulo aiphunzitsa, nthano aiphunzitsa, koma mau asanu kapena asanu ndi awiri oitanira munthu ku malonda angowapitirira ngati udzu wa m'mbali mwa njira. Komatu mau otere ali ndi malamulo ake, ndipo mwana woyamba kulemba aphunzira msanga pa iwo kusiyana kwa kukometsa nkhani ndi kunama. Nkhani ino iyesa mau oitanira alendo ku msika wa nchito za manja ndi zakudya za m'mbali mwa mseu, ndipo malo oyeserapo ndiwo Ching'ambo, dera lina la mzinda wa Mzuzu.

Mau oitanira alendo odziwika koposa m'dziko muno ndiwo aja a Chingerezi amene atchula Malawi kuti ndiye mtima wofunda wa Afirika. Akhala pa mabuku a alendo ndi pa zikwangwani zaka makumi angapo, ndipo sanathe mphamvu. Chifukwa chake nchosabvuta kuchiona. Mauwo sanena kuti nyanja ya Malawi iposa nyanja zonse, pakuti Vikitoliya ndi Tanganyika ndi zazikulu kuposa iyo. Sanena kuti phiri la Mulanje liposa mapiri onse, pakuti Kilimanjaro aliko. Alonjeza chinthu chimodzi chokha, ndicho nsangala ya anthu, ndipo chinthucho mlendo akhoza kuchiyesa yekha tsiku loyamba, pofunsa njira kwa munthu woyamba kukomana naye. Ndiponso chinthucho chiri m'manja mwa eni dziko: mvula sangailamule, koma moni akhoza kupereka.

Koma mau omwewo aonetsa msampha umene mphunzitsi wa Chichewa ayenera kuudziwa. Akatembenuzidwa liu ndi liu, agwa pansi. M'Chichewa chofunda ndi madzi amene sali ozizira ndiponso sali otentha, monga osambitsira khanda, kapena phala limene lakhalitsa m'mbale. Munthu wolandira bwino alendo satchedwa wa mtima wofunda. Atchedwa wansangala, kapena wa mtima wabwino, kapena anthu angoti pakhomo pake sipagona munthu ndi njala. Mlendo wotsika basi ku Mzuzu m'mwezi wa Juni, nkhungu itaphimba mzinda ndi mvula yowaza iri kugwa, akamva za kufunda aganiza za bulangete. Chotero mau oitanira a Chichewa sabadwa pomasulira a chinenero china. Ayenera kuyambira pa malo enieniwo ndi pa kalankhulidwe ka anthu ake.

Tsono malowo ndi otani? Mzuzu ndi mzinda wachichepere. Unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pa munda wa mitengo ya tangi, imene mbeu zake zipatsa mafuta, ndipo unalandira ulemu wa mzinda m'chaka cha 1985. Pa kalembera wa 2018 anthu ake anapitirira 220,000. Uli pamtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mvula yake ichedwa kuleka. Ching'ambo ndi limodzi la madera ake okhala anthu ambiri mothithikana, pa malo otsika, ndipo linali pakati pa madera amene madzi osefukira anasautsa m'mwezi wa Epulo 2016. Si malo amene mabuku a alendo awatchula. Ziboliboli zogulitsa kwa azungu zipezeka makamaka pakati pa mzinda ndi m'mbali mwa mseu wotsikira ku Nkhata Bay. Nsalu ndi katundu wa ku Tanzania anthu azifuna ku msika wa Taifa. Msika wa kumene anthu akhala uli ndi zake zina: mbaula zosula ndi malata, mphasa, malichero, zipande ndi mithiko, usipa wouma, nthochi, mandasi, zitumbuwa, chimanga chootcha, ndi chiwaya cha tchipisi chofuka utsi madzulo. Wolemba mau oitanira ayenera kuyamba wabvomera kuti chuma chake ndi chimenechi, osati china.

Munthu wosazolowera akapatsidwa nchitoyi, kawirikawiri alemba zonga izi: "Bwerani ku Ching'ambo, msika wokongola koposa m'Malawi monse, kumene mudzapeza chiri chonse!" Chiganizo chimenechi galamala yake njabwino, ndipo mphunzitsi wofulumira akhoza kuchichonga. Koma muli malonjezo atatu, ndipo onse atatu mlendo awapeza abodza asanathe mphindi khumi. Liu lakuti "wokongola" ligwa pa matope a mwezi wa Malichi. Liu lakuti "koposa" liitana mlendo kuti ayerekeze, ndipo iye amene anaona msika wa ku Lilongwe kapena wa ku Limbe ayerekezadi. Mau akuti "chiri chonse" afa pa funso loyamba, pamene mlendo afunsa chinthu chimene palibe. Pamenepo mwambi wa chikomekome cha mkuyu ukwanira, ndipo wolangidwa si wolemba uja iai, koma mai wogulitsa mandasi amene mlendo amyang'ana ndi diso lakuti nayenso ngwonyenga.

Kukokomeza m'Chichewa kuli ndi zizindikiro zake zooneka ndi maso, ndipo nkwabwino kuti ophunzira azidziwe monga adziwa zizindikiro za malungo. Choyamba ndi mau oyerekeza opanda chinthu choyerekeza nacho: "koposa", "kopambana", "kosaneneka". China ndi banja la "-onse": onse, konse, monse, nthawi zonse. Chinanso ndi msintho wa mneni wolimbitsa tanthauzo, monga "kukometsetsa" ndi "kutsekemeretsa", pamodzi ndi kubwereza tsinde, monga "zabwinozabwino". Zonsezi si zoipa mwa izo zokha. M'nthano ndi m'nyimbo za pamtondo ziri pamalo pake, pakuti womvera adziwa kuti kalulu sanachenjere koposa nyama zonse m'choonadi. Koma chikwangwani si nthano. Wochiwerenga alipira ndalama ya minibasi kapena ya kabaza chifukwa cha mauwo, ndipo pobwerera awerenga chimene wataya.

Anthu a m'mizinda anaphunzira kale kuchotsera mau otere. Woitanira minibasi apfuula kuti watsala munthu mmodzi, koma wokwera asuzumira m'kati naona mipando isanu yopanda anthu. Tsiku lachiwiri samveranso mauwo, angoyang'ana mipando. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Chodabwitsa nchakuti pa msika womwewo pali mau ena otsatsa amene sanathe mphamvu ngakhale anenedwa tsiku liri lonse. Mai akati, "Amoto mandasi!" anthu atembenuka, chifukwa dzanja likhoza kutsimikiza pomwepo, ndipo mai amene apfuula chotero mandasi ali ozizira sabwerezanso mawa. Apa ndipo pali muyeso wa mau onse oitanira: kodi mlendo akhoza kuwayesa ndi dzanja, ndi diso, ndi lilime kapena ndi mphuno? Ngati sangathe, mauwo ngopanda kanthu. Ngati akhoza ndipo awapeza onama, ngoononga.

Pa nchito za manja muyeso umenewu uluma kwambiri. Wolemba akopeka kuti aike mau akuti "ziboliboli za mpingo weniweni", pakuti mpingo ndiwo mtengo umene alendo aumva mbiri. Koma mpingo ukula pang'onopang'ono ndipo wachepa, kotero kuti zosema zambiri zakuda ndi za mitengo ina yodetsedwa ndi polishi wa nsapato. Wodziwa azindikira msanga: mpingo ulemera m'manja kuposa msinkhu wake, mtima wake umira m'madzi, ndipo kawirikawiri pambali pake patsala khungu loyererako, wopakidwa polishi ngwopepuka, ndipo ukakandidwa kunsi ndi chikhadabo uonetsa mtundu wina. Chosema cha mlombwa kapena cha mtengo wina wamba sichiri chonyozeka, ndipo mmisiri wonena zoona za mtengo wake sachita manyazi. Koma mau oitanira a msika wonse alankhulira ogulitsa onse pamodzi, ndipo sangalumbire m'malo mwa munthu ali yense. Chifukwa chake liu lakuti "weniweni" liyenera kutsala pakamwa pa mmisiri mwini, amene akhoza kuyankha mlandu wake, lisakwere pa chikwangwani.

Chimodzimodzi liu lakuti "zaukhondo" pa zakudya. Kolera amene anabuka m'chaka cha 2022 nafikira m'chaka cha 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo pa nthawiyo makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'miseu. Anthu sanaiwale. Kulemba kuti zakudya zonse za pa msika nzaukhondo ndiko kupereka umboni umene ngwa oyang'anira zaumoyo, osati wa mphunzitsi kapena wa komiti ya msika. Chimene chinganenedwe moona nchakuti chakudya chiphikidwa mlendo ali kuona, ndipo chichoka pamoto kunka m'manja mwake. Chimenecho chikoma kumva, ndiponso chiri pafupi ndi uphungu wa achipatala wakuti munthu adye chakudya chikali chotentha.

Atachotsa zonsezo, wolemba atsala ndi zochepa, ndipo mantha amgwira kuti mau ake adzakhala ozizira. Apa ndipo luso la chinenero liyamba, pakuti Chichewa chiri ndi njira zokopera munthu zosadalira bodza. Yoyamba iri m'mneni. "Bwerani" ndi liu labwino, koma lingonena za ulendo. Silinena chimene munthu adzachite akafika. Chichewa chiri ndi timaphatikizo tiwiri timene tisenza ulendo ndi nchito pamodzi: "-dza-" wa kubwera kuno, ndi "-ka-" wa kupita uko. "Dzaoneni" atanthauza kuti bwerani kuno muone. "Kaoneni" atanthauza kuti pitani uko muone. Maphatikizo anai okha anyamula zimene zikadafuna mau atatu. Ndipo "-ni" wa kumapeto ndiye ulemu. "Dzaone" ndi mau a kwa mwana, ndipo chikwangwani cholankhula kwa akulu ngati kwa ana chathamangitsa kale theka la alendo.

Poyesa koyamba mwa njira imeneyi pakhoza kutuluka mau awa: "Dzalaweni za pachiwaya, dzaoneni za amisiri." Ayenera kuwerengedwa mokweza, ndi kuomba m'manja pa phatikizo liri lonse. Mbali yoyamba, dza-la-we-ni-za-pa-chi-wa-ya, iri ndi maphatikizo 9. Yachiwiri, dza-o-ne-ni-za-a-mi-si-ri, irinso ndi 9. Mbali ziwirizo ziyamba ndi "dza-", ndipo pakati pa iri yonse pali "za", kotero khutu limva kulingana ngakhale mwini khutu sanawerenge. Liu la Chichewa litalika pa phatikizo lotsatana ndi lomariza, makamaka pamene wolankhula apuma. Motero mau agwa pa "-wa-" ndi pa "-si-", pamalo amodzimodzi m'mbali zonse ziwiri. Mulibe mfotokozi ndi mmodzi yemwe. Palibe chokongola, chokoma kapena chopambana. Pali chiwaya ndi amisiri basi, ndipo pfungo la mafuta ndi kulira kwa nyundo pa lata wowerenga adziikira yekha.

Komabe mau amenewa ali ndi chirema, ndipo amene angachione msanga ndi wogulitsa, osati mphunzitsi. Pa msika "kulawa" kuli ndi tanthauzo lake lake. Mai wogulitsa mtedza akati "Lawani", apereka njere ziwiri zaulere kuti wogula atsimikize. Chikwangwani chonena kuti "Dzalaweni" chalonjeza za ulere m'dzina la anthu amene sanafunsidwe, ndipo anyamata a sukulu sadzachedwa kudzatola lonjezolo pa chiwaya chiri chonse. Uku nakonso ndi kukokomeza, ngakhale kulibe "koposa", kwabisala m'mneni. "Dzaguleni" akonza choonadi koma aononga ulemu, pakuti aonetsa kuti chofunika ndi thumba la mlendo. "Dzadyeni" ali bwino, popeza ali yense adziwa kuti za pachiwaya adya ndi ndalama, koma ali ndi maphatikizo atatu okha ndipo mbali yoyamba itsimphina. Mankhwala ake ndi "-ko", kamene kabweza phatikizo lotayika ndiponso kafewetsa lamulo kuti likhale pempho:

"Dzadyeniko za pachiwaya, dzaoneni za amisiri."

Wina akhoza kutsutsa kuti mauwa achepetsa msika, pakuti mandasi a m'beseni ndi chimanga cha pambaula siziri za pachiwaya, ndipo mai woluka mphasa kapena woumba mbiya sadzitcha mmisiri kawirikawiri. Dzinalo anthu alipatsa osula, opala matabwa ndi omanga. Kutsutsa kumeneku nkoona ndithu, ndipo sikuyenera kubisidwa. Koma pa zolakwa ziwiri, kunena zochepa ndi kunena zochuluka, choyamba chipindulira msika. Mlendo wodzera chiwaya akapeza zitumbuwa ndi nthochi zootcha ayesa kuti walandira basera. Wodzera "chiri chonse" akasowa chimodzi ayesa kuti waberedwa. Ngakhale ziri chotero, komiti ya msika imene amai ndiwo ochuluka ikakana liu lakuti "amisiri", ikhala ndi chifukwa, ndipo wolemba ayenera kubwerera kukafuna liu lina la maphatikizo anai.

Patsala funso limene ku Mzuzu silingalambalalidwe, ndilo la chinenero. Chinenero cha m'nyumba zambiri za kumeneko ndi Chitumbuka, ndipo Chitonga, Chinkhonde ndi Chilambya zimvekanso pa msika. M'chaka cha 1968 Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chinenero cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chinabwerera pa wailesi m'chaka cha 1994. Akuluakulu akumbukira zimenezi. Tsono chikwangwani cha Chichewa chokha pakati pa Ching'ambo chikhoza kuoneka ngati mlendo wadziitanira yekha m'nyumba ya eni. Yankho lake liri pa kufunsa kuti mauwo alankhula kwa yani. Ngati alankhula kwa wochokera ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Chipata, Chichewa ndicho chimene iye amva, ndipo kumlankhula m'chinenero chake ndiwo ulemu wa mwini mudzi. Koma liu limodzi la eni malo, monga "Monile" pamwamba kapena "Yewo" pansi, lisonyeza amene ali kuitana, ndipo mlendo apita nalo kwao ngati kamphatso. Chosayenera ndicho kutembenuza chiganizo chonse liu ndi liu kunka m'Chitumbuka. Cholakwa cha mtima wofunda chija chingabwerezedwe. Mbali ya Chitumbuka ailembe mwini chinenerocho, kuyambira pachiyambi.

M'kalasi nchito imeneyi iyenera ana a Sitandade 6 kapena 7, ndipo siyamba ndi cholembera. Ana apite ku msika wa kwao awiriawiri, atapempha chilolezo kwa wapampando wa msika, ndipo alembe maina a zinthu zimene aona zopangidwa ndi manja ndi zophikidwa pomwepo, pamodzi ndi chiwerengero cha ogulitsa chinthu chiri chonse. Chinthu chogulitsidwa ndi munthu mmodzi yekha chisalowe m'mau oitanira, pakuti tsiku limene iye apita ku maliro chikwangwani chisanduka chabodza. Pobwerera m'kalasi ali yense alembe mau ake, osapitirira maphatikizo 20, ndipo anzake akhale alendo: pa liu liri lonse afunse kuti, "Tikafika tidzachiona ndi chiani?" Liu losowa yankho lifafanizidwe. Mphunzitsi adzaona kuti ana anzeru ndiwo akokomeza kwambiri, chifukwa adziwa mau ambiri ndipo afuna kuwaonetsa. Mwana wachete amene amake agulitsa pa msikapo ndiye kawirikawiri adziwa kuti chiwaya sichiyaka m'mamawa.

Mfundo ya mwanayo njofunika, pakuti mau oona akhoza kusanduka onama chifukwa cha nthawi ndi malo. Chimanga chootcha chiri ndi nyengo yake, ndipo mlendo wofika nthawi imene moto sunakolezedwe apeza chiwaya chozizira. Mau oitanira asasenze zimenezi, angalemere. Ziikidwe pansi pake m'zilembo zazing'ono, masiku ndi maola amene ogulitsa abvomerezana. Ndipo "dza-" uja ali woona pokhapo chikwangwani chiri pa Ching'ambo penipeni, kapena polowera m'deralo, pamene wolankhula ndi mwini msika. Chikaikidwa pa depoti ya mabasi pakati pa mzinda, kapena ku Luwinga pafupi ndi yunivesite, wolankhula ali kutali ndi msika pamodzi ndi mlendoyo, ndipo mauwo ayenera kukhala akuti, "Kadyeniko za pachiwaya, kaoneni za amisiri, ku Ching'ambo," ndi mubvi wosonyeza njira.